Zolemba za pakhola: kuyesa pepala la katemera ngati munthu amene wangobwera kumene

Lachitatu, anapiye ali ndi masiku 8

Ndayamba kulemba izi kuti ndisaiwale zomwe tikupeza, chifukwa mutu wangawu sindikuukhulupiriranso. Nkhani yake ndi iyi. Ulendo wathawu tsiku la katemera wa matenda a nkhuku otchedwa gumboro linandipeza ndili kumaliro kumudzi, madala amene amagona pakhola pano nawonso anali chigonere ndi malungo, ndiye katemera anapereka ndi mnyamata wa ganyu atangouzidwa pa foni. Itakwana sabata yachinayi nkhuku zinayamba kuzyolika, nthenga zili nyankhalala, kutsegula m'mimba koyera, ndipo tinakwirira zoposa 60. Sindinganene kuti analakwitsa ndi iyeyo, umboni ndilibe, koma nditamufunsa mmene anachitira anandiuza kuti anatunga madzi pampopi, nkuthiramo, nkupereka. Basi.

Ndiye nditabwerako ndinalemba pepala la ndondomeko nkulimata pachitseko cha sitolo yosungiramo katundu wa pakhola. Lili ndi mizere 8 yokha ndipo ndimalinyadira ndithu:

1. Chotsani madzi m'khola m'mawa. 2. Tsukani madirinka. 3. Tengani katemera mu filiji. 4. Thirani madzi aukhondo mu ndowa. 5. Sungunulani katemera. 6. Gawani m'madirinka. 7. Onetsetsani kuti zonse zamwa. 8. Lembani m'buku.

Madirinka ndi ziwiya zomwera nkhuku. Pano tili ndi mabuloila 500, nkhuku za nyama, gumboro wawo ndi Lachiwiri likudzali pa tsiku la 14 malinga ndi pulogalamu yomwe anatipatsa kumene tinagula anapiye. Ndisanalikhulupirire pepalali ndikufuna ndiliyende ndekha ngati kuti sindinaonepo nkhuku chibadwire. Malamulo amene ndadziikira ndi ochepa. Ndiyambira pageti osati pakhola. M'thumba ndichotsamo zonse, makiyi, kampeni, foni. Chomwe sichinalembedwe sindichita, ndipo dzanja likangofuna kuchita zake ndiima nkulemba. Kukonza pepala ndili pakati pa ulendo ayi, ndikonza ndikamaliza. M'malo mwa katemera ndigwiritsa kabotolo kakale kopanda kanthu ndi kala ya buluu yothira mu keke.

Lachinayi, masiku 9

Aaa kkkk. Ndathera pageti pomwe. Pepala lili pachitseko cha sitolo koma mkati, sitolo ndi yokiya, makiyi ndawasiya dala kunyumba chifukwa mlendo sakhala nawo. Ndiye munthu amene akufuna pepala kuti adziwe chochita sangaliwerenge mpaka atadziwa kale kumene makiyi amakhala. Ndalemba nambala 1, ndabwerera kukatenga makiyi.

Mzere woyamba ukuti m'mawa. Ine ndimadziwa kuti ndikutanthauza cha m'ma 5 kusanache bwino, chifukwa ndi Okutobala uno kumana nkhuku madzi dzuwa litakwera nkuzipha ndi manja ako. Koma 9 koloko nawonso ndi m'mawa. Ndipo pepala silikunena kuti zikhale osamwa nthawi yaitali bwanji. Cholinga chochotsera madzi nchakuti zikhale ndi ludzu zonse kuti madzi a katemera akabwera zithamangire pamodzi, nthawi yozizira timadikira mpaka maola 2, kukatentha ola limodzi lakwana. Zonsezi zili m'mutu mwanga, papepala mulibe ngakhale nambala imodzi.

Chimene chandiopsa kwambiri ndi mzere 4. Ndafika ndi ndowa, miyendo yanga yokha yalowera kuseri kwa sitolo kumene kumakhala diramu ya pulasitiki yosavundikira, ndaima pakati panjira nkudzifunsa kuti kodi ndikupita kuti, pepala lanena za diramu? Ayi. Lati madzi aukhondo. Madzi a mudiramumo ndimatunga kudakali masiku awiri kuti klorini wa pampopi auluke, chifukwa katemerayu ndi kachilombo kamoyo kongofooketsedwa, klorini amakapha mmene amaphera tizilombo tina tonse, ndipo ukayang'ana m'ndowa sungaone kusiyana kulikonse. Nkhuku zimwa bwinobwino, iwe ulemba m'buku kuti zalandira, kenako uzadziwa patapita masabata awiri. Tanthauzo lake ndi loti ndondomeko yangayi siyambira tsiku la katemera ayi, imayambira masiku awiri m'mbuyo, ndipo gawo lonselo kulibe. Munthu wobwera m'mawa wa tsikulo atha kutsata mizere yonse 8 osaphonya nkukhala atalakwitsa kale dzana.

Mkaka nawonso mulibemo. Ndimathira mkaka wa ufa wopanda mafuta magalamu 2 pa lita iliyonse, kuvundula, kudikira mphindi 15 kapena 20 ndisanaike katemera, umateteza kachilomboko ku klorini wotsalira ndi zina za m'madzi. Ndachita izi kambirimbiri mpaka ndinasiya kuziwerengera ngati sitepe.

Mu filiji ndapezamo timabotolo tiwiri, ka gumboro ka madozi 500 ndi ka lasota wa chitopa ka madozi 1000, kukula kofanana, zilembo zing'onozing'ono zachingerezi. Ine ndimazindikira ndi mtundu wa chotsekera. Pepala likungoti tengani katemera. Uti? Silikunenanso zoyang'ana deti lothera ntchito, kapena kunyamulira mu kula bokosi ndi ayisi, pomwe filiji ili kunyumba ndipo kufika kukhola ndi mphindi ngati 10 wapansi. Pa kabotolo analembapo kuti kasungidwe pa madigiri 2 mpaka 8, m'dzanja la munthu muli madigiri oposa 30.

Kenako kutsegula. Kabotolo kali ndi kachitsulo kopanikiza labala pamwamba. Dzanja langa lapita m'thumba kukafuna kampeni, mulibe. Ndayesa ndi chikhadabo chathyoka, ndatsala pang'ono kuluma ndi mano. Ndaima pamenepo mphindi zingapo ndikungokayang'ana kabotolo, ndikuganiza mnyamata uja tsiku lija anatsegula ndi chani. Ndipo labalayo amayenera kuchotsedwa kabotolo kali pansi pa madzi, chifukwa mkati mulibe mpweya ndiye madzi amalowa okha nkusungunula kaufa konse osauluka. Mawu oti sungunulani abisa zinthu zitatu: chotsegulira, kumiza, ndi kutsukuluza kabotolo kawiri katatu m'madzi momwemo.

Ndamaliza ndi zinthu 14 zosowa pa pepala la mizere 8.

Loweruka, masiku 11

Lachisanu sindinakonze kanthu, dala. Ndimafuna munthu wina ayende pepala lomwelo lisanasinthidwe, chifukwa ine ngakhale ndiyesetse bwanji kudziiwalitsa ndikudziwa chimene ndimatanthauza pa liwu lililonse. Ndaitana mwana wa achemwali anga, walemba fomu 4 chaka chino akungokhala, nkhuku amangozidziwa za m'mbale. Ndamuuza kuti amene akuyesedwa si iyeyo koma pepala, akasokonezeka ndiye kuti wandithandiza. Ine ndakhala pambali ndi kope, ndadzilonjeza kuti ndisatsegula pakamwa pokhapokha nkhuku zikhale pangozi.

Kukhala chete nkovuta guyz, ndinaluma milomo mpaka. Mzere woyamba, chotsani madzi m'khola, walowa wanyamula bigili yaikulu yomwe timadzazira madirinka nkuitulutsa panja, madirinka onse 10 wawasiya ali ndi madzi, nkhuku zikumwa mtima uli m'malo. Watuluka akupukuta manja kuti ankolo nambala 1 yatheka. Ndipo sanalakwe, madzi wachotsadi.

Mzere wachiwiri ndiye wandimaliza. Tsukani madirinka. Mwanayu wazungulira sitolo yonse, wapeza sopo wa ufa amene madala amachapira ovolosi, wapanga thovu lambiri m'beseni, akutsuka mwakhama kwambiri. Mwana aliyense wa kuno ukamuuza kuti tsuka ndiye kuti ndi sopo, kutsuka popanda sopo amayi ake akanamukalipira. Pomwe tsiku la katemera madirinka amafuna kukwecha ndi madzi okha, sopo kapena mankhwala ophera tizilombo akatsalira pang'ono amaononga katemera. Ineyo Lachinayi ndinadutsa mzere umenewu osaona vuto lililonse, chifukwa manja anga sanapite ku sopo ndiye panalibe choimitsa. Apa ndi pamene ndaona kuti kuyenda ndekha kunangondionetsa masitepe osowa, koma mawu amene munthu wina angamve mwina ndekha sindikanawagwira.

Pa madzi aukhondo wandifunsa: "Ankolo, klorini mumasunga kuti?" Ndati pepala likuti chani. Wati likuti aukhondo, ndiye akufuna athiremo kaye. Ndipo ndi zoona, chiyambire kolera ya 2022 ndi 2023 ija pa wailesi, kusukulu, alangizi a zaumoyo, onse akhala akutiphunzitsa kuti madzi aukhondo ndi othira klorini. Ndiye liwu limene ndinasankha kuti liteteze katemera ndi lomwe likanamutumiza kukatenga chinthu chopha katemerayo. Ndalilemba ndi zilembo zazikulu m'kope, lichoke.

Zina zing'onozing'ono. Watenga ndowa yachitsulo chifukwa ndi yomwe inali pafupi, pomwe imafunika ya pulasitiki. Wadzaza mpaka pakamwa malita 20 poti palibe muyeso papepala. Polowa m'khola waiika pansi pafupi ndi beseni la mankhwala ophera tizilombo opondamo pakhomo, jombo yake yathovutsa madontho angapo. Mu filiji watenga ka lasota, nditafunsa chifukwa chake pamapeto wati kanali kutsogolo. Pa mzere 7 woti onetsetsani kuti zonse zamwa, waima pakati pa khola akuyang'ana uku ndi uku, kenako "Ndiye ndiziwerenga imodziimodzi ankolo?" Ndaseka koma funso lake ndi labwino, mzere umene suuza munthu kuti aone chani kwenikweni ndi wongokongoletsa pepala.

Kope lafika pa 27. Mwanayu ndamugulira fanta ndi mabanzi, wagwira ntchito.

Lamulungu, masiku 12

Tisanapite kutchalitchi ndatunga madzi mu diramu, malita 40, ndasiya osavundikira pamthunzi. Mavitamini a m'madzi ndaimitsanso kuyambira lero.

Masana ndakhala pansi kulembanso. Poyamba ndinangoika zonse 27 pamwamba pa 8 zija, zatuluka masamba atatu, ndawerenga nkuona kuti palibe munthu amene angawerenge zimenezi 5 koloko m'mawa ndi tochi ya foni manja ali onyowa. Ndiye ndasintha kaganizidwe, chilichonse chimene ndingachikonze pamalo pake ndisachilembe. Ndagula ndowa ya pulasitiki yofiira, ndalembapo ndi penti kuti KATEMERA BASI, mkati mwake muzikhala jagi yoyezera, chovundulira cha pulasitiki, kapulayazi kotsegulira kachitsulo kaja, wotchi yotchipa ndi tipaketi ta mkaka toyeza kale pa sikelo, kalikonse magalamu 10 ka malita 5. Mizere isanu ndi umodzi yathera mu mzere umodzi woti tengani ndowa yofiira. Mu filiji timabotolo ndatiika m'timapepala ta pulasitiki tosiyana, ndalemba ndi maka GUMBORO TSIKU 14 ndi CHITOPA TSIKU 21, ndatichotsanso pachitseko cha filiji kupita pashelefu ya pakati. Pepala lina ndamata kunja kwa sitolo, lina kunyumba pa filiji pomwepo.

Mawu ndasintha motere. Chotsani madzi yasanduka "5 koloko, tulutsani madirinka ONSE panja, mukhuthule, lembani nthawi." Tsukani yasanduka "kwechani ndi madzi a mu diramu okha, OSAGWIRITSA sopo kapena mankhwala, manja anunso muwatsukuluze ndi madzi okha." Aukhondo yasanduka "a mu diramu ya buluu kuseri kwa sitolo, a pampopi ayi, klorini amapha katemera." Chifukwa chake ndachilemba pa mizere itatu yokha imene munthu wanzeru zake angaganize kuti akundikonzera, kwinako ndangolamula.

Madzulo ndawerengera madala pepala latsopanoli. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti, "Bwana, nanga magetsi akazima usiku wonse? Nanga mukapeza nkhuku zili zofooka m'mawamo?" Zoonadi. Ine ndi mwana uja tinayenda tsiku labwinobwino, filiji ikuzizira, nkhuku zili gwa, ndiye nthambi zoterezi kuyenda sikungazipeze, zimafuna munthu amene anaziona zikuchitika. Taonjezera kabokosi pansi pa pepala: magetsi akazima filiji isatsegulidwetsegulidwe, ayisi akapezeka wasungunuka yense kapena kabotolo katafunda imbani foni musapereke, nkhuku zikaoneka zodwala imbaninso, zodwala sizilandira katemera mpaka alangizi a ziweto azione. Anandiuzanso kuti iwo madirinka akabwezedwa amayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma kudzutsa zogona ndi zamantha, zomwe ine sindimachita nkomwe. Zalowa pa mzere wakewake.

Pano pepala lili ndi tsamba limodzi, magawo awiri, za masiku awiri m'mbuyo mizere 4, za tsiku lenileni mizere 14.

Lolemba, masiku 13

Mwana wa achemwali sangayesenso, akudziwa kale mayankho, wasanduka ngati ine. Ndapempha mayi ena oyandikana nafe amene amatigula manyowa, avomera. Lero tachita ngati zenizeni, kumana nkhuku madzi ndi zonse, chifukwa ndimafunanso kudziwa muyeso wa madzi.

Muyeso wa madzi a katemera umene ambiri timayendera ndi woti nkhuku 1000 zimafuna lita imodzi pa tsiku lililonse la msinkhu wawo, ndiye za masiku 14 ndi malita 14, zathu poti zatsala 489 ndi malita 7. Ndinalemba 7 papepala. Mayiwa atulutsa madirinka 5:05, abweza 6:05 ndi madzi a buluu malita 7, pofika 6:55 madirinka ali gwa, ouma. Mphindi 50 basi. Madzi a katemera amafunika athe pakati pa ola limodzi ndi theka ndi maola 2. Akatha msanga ndiye kuti zamphamvu zamwa kawiri katatu, zing'onozing'ono zofika mochedwa zapeza mulibe, akapitirira maola 2 kachilombo kaja kamakhala kayamba kufa m'madzimo. Ndi kutentha kuno nkhuku zikumwa kuposa muyeso wa m'buku. Ndawerengera kuti ngati 7 yatha pa mphindi 50, ndipo zimamwa mothamanga poyamba kenako nkuchepetsa, malita 10 afika pafupi ndi ola ndi theka. Mkaka ndiye magalamu 20, tipaketi tiwiri. Papepala ndachotsa nambala yokhazikika, ndaika mpata wolemba ndi mzere watsopano mu gawo loyamba woti dzulo lake muyeze.

Kukanganirana kunalipo kwambiri pa madirinka 10, zina zikukwera pamsana pa zinzake, ndiye mawa tionjezera 4 a mu sitolo, akhale 14, lililonse pafupifupi mamililita 700, jagi iwiri yosadzaza ya theka la lita. Ndaika mzere wa penti pa jagi kuti munthu asavutike ndi masamu.

Mayiwa aima malo awiri okha. Koyamba pa mkaka, afunsa ngati mphindi 15 zodikirazo ziyambe nkhuku zitamaliza ola lawo la ludzu kapena mkati mwake. Funso lolemera, chifukwa mmene ndinalembera mizere motsatana munthu akanadikira ola, kenako nkuyamba kusakaniza, kenako mphindi 15 zina, nkhuku zili kukhosi gwa ola ndi theka. Ndasuntha mzere wa mkaka ndi wokatenga katemera kunyumba kuti zichitike mkati mwa ola lija, ndalemba nthawi pambali pa uliwonse, 5:20 mkaka, 5:35 kunyumba, 5:55 kusungunula. Kachiwiri pa kabotolo kopanda kanthu, anafuna kukaponya kudzala kumene nkhuku zachikuda za anthu zimapalasa. Tagwirizana kuti kazimizidwa kaye mu mankhwala a pakhomo aja kenako m'dzenje, ndipo madzi a katemera akatsala sasungidwa kuti mawa.

Mzere wa onetsetsani uja pano ukuti pakatha ola gwirani nkhuku 20 za m'makona anayi ndi pakati, papasani chithokomiro, kathumba ka pakhosi kaja, chikhale chofewa ndi madzi, lembani kuti zingati. Si muyeso wangwiro. Pali mankhwala a buluu opangira katemera amene amadetsa lilime la nkhuku kuti uone yomwe yamwa, ndiwafunafuna mutauni ulendo ukubwerawu, kala ya keke sinaoneke bwino pa lilime.

Lachiwiri, masiku 14

Katemera weniweni. Wapereka ndi mwana wa achemwali, ine ndi madala tili panja pa waya. Madirinka kunja 5:00, kubwerera 6:02, malita 10 atha 7:35. Pa nkhuku 20 zogwidwa 19 chithokomiro chofewa, imodzi yopanda kanthu inali kakang'ono ka pakona ya kumadzulo, waimwetsa yekha potsalira mu jagi. M'buku walemba deti, nambala ya bachi ya pakabotolo, deti lothera, nkhuku 488 poti ina yafa usiku, nthawi zonse ziwiri.

Kenako watseka buku, wabwera kwa ine, ankolo ndamaliza. Ndikuyang'ana m'khola madirinka ali ouma, dzuwa layamba kale kuotcha malata, nkhuku zikujompha pulasitiki. Pepala likuthera pa kulemba m'buku. Palibe mzere woti bwezerani madzi a masiku onse. Anthu anayi taliwerenga, atatu taliyenda, ndipo ulendo uliwonse madala amangodzaza okha mwakachetechete ife tikukambirana za kope, ndiye palibe anaona kuti papepala mulibe. Lero anawasiya dala kuti aone ngati tizindikira. Ndaonjezera mzere 15 ndi bolopeni pomwepo, madzi a mu diramu omwewo kwa tsiku lonse la lero, a pampopi ayambe mawa.

Zotsala: kusindikizanso pepala ndi kuliika mu pulasitiki, kufufuza buluu wa lilime uja, ndi kupeza munthu wachinayi wosadziwa kanthu woti ayende Lolemba lisanafike tsiku la chitopa. Ka lasota kali mu filiji ndi ka madozi 1000 pomwe nkhuku ndi 488, pepala silikunena chochita pamenepo, ndiwaimbira alangizi mawa ndisanalembe chilichonse.